Minibasi ikukwera mtengo pamsika, m'buku ikutsika: wolondola ndani?

Pali mkangano umene umabuka kawirikawiri mwini minibasi akakhala pansi ndi wowerengera ndalama kumapeto kwa chaka. Mwini galimoto amanena zimene akuona ndi maso ake. Toyota Hiace imene anagula zaka 3 zapitazo, lero ataiimika ku Limbe n'kumata pepala loti ikugulitsidwa, anthu angapereke ndalama zoyandikira zimene iye anagulira, mwinanso kuposa pamenepo. Wowerengera ndalama naye amatsegula buku n'kumuonetsa kuti galimoto yomweyo yatsika ndi theka. Apa mwiniyo amapsa mtima: "Achimwene, mukuti yatsika bwanji pamene aliyense pa Mibawa akudziwa kuti magalimoto akwera?"

Palibe amene akunama pa awiriwa. Akuyankha mafunso osiyana. Mwini galimoto akufunsa kuti, nditagulitsa lero ndingapeze zingati? Buku likufunsa kuti, pa ndalama zimene munalowetsa pogula galimotoyi, zatha kale ntchito ndi zingati, ndipo zatsala zingati zoti zigwire ntchito m'zaka zikubwerazi? Funso lachiwirili ndi limene owerengera ndalama amaliyankha ndi dipulisiyeshoni, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi funso limene limaonetsa ngati munthu adzakhalebe ndi minibasi pakatha zaka 6 kapena adzatsala ndi chigoba chokhala pamiyala kuseri kwa nyumba ku Bangwe.

Nkhani yonse yagona pa mpamba. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe akapikula dengu la K30,000 n'kugulitsa K38,000, amadziwa kuti zake ndi K8,000 yokha. Zinazo ndi mpamba, mawa zibwerera kokaoda. Sangasokonezeke chifukwa mpamba wake umatuluka ndi kubwerera tsiku lomwelo. Mwini minibasi naye ali ndi mpamba, koma wake anautulutsa wonse tsiku limodzi, ndipo umabwerera pang'onopang'ono kwa zaka zingapo utasakanikirana ndi phindu. Dalaivala akabweretsa tageti madzulo, palibe chizindikiro pa ndalamazo chosonyeza kuti iyi ndi phindu, iyi ndi chidutswa cha galimoto chimene chatsala mumsewu lero. Dipulisiyeshoni ndi njira yolekanitsira ziwirizi.

Tiyeni titenge galimoto imodzi n'kuyenda nayo kuyambira tsiku logula. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekezera, ndawasankha kuti masamu aoneke bwino, ndipo aliyense aikepo ake.

Munthu waitanitsa Hiace yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan. Mtengo wake pamodzi ndi sitima mpaka padoko la Dar es Salaam ndi K13.5 miliyoni. Msonkho wa MRA wolowetsera galimotoyo m'dziko ndi K7 miliyoni. Kuitulutsa padoko, kulipira ejenti, mafuta ndi dalaivala woiyendetsa kudzera pachipata cha Songwe mpaka ku Blantyre, zadya K1.8 miliyoni. Itafika, aika mipando ya anthu okwera, aipenta, ailembetsa n'kupatsidwa nambala yofiira, zonse K1.7 miliyoni. Tikaphatikiza, galimotoyi yalowa m'buku ndi K24 miliyoni.

Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Amalemba mtengo umene analipira ku Japan wokha, zinazo n'kuziwerengera ngati ndalama zongowonongeka mwezi umenewo. Lamulo la owerengera ndalama lotchedwa IAS 16, limene bungwe la ICAM limatsatira muno m'Malawi monganso m'mayiko ambiri, limati mtengo wa katundu wotere ndi ndalama zonse zimene zalowa kuti katunduyo afike pamalo pake ali wokonzeka kugwira ntchito. Galimoto imene ili padoko ku Dar es Salaam singanyamule munthu wa ku Ndirande, ndipo yopanda mipando singalowe pasiteji. Choncho zonsezo ndi mtengo wa galimoto. Koma inshulansi, COF ndi chiphaso choyendera mumsewu sizilowamo, chifukwa zimatha pakapita miyezi n'kufuna kulipiranso. Zimenezo zimapita ku zowonongeka za chaka chimene zalipiridwa.

Tsopano pakufunika mayankho awiri amene sapezeka palisiti iliyonse, ndipo mwini galimoto ndi amene amawadziwa bwino kuposa wowerengera ndalama. Loyamba: galimotoyi indigwirira ntchito zaka zingati? Lachiwiri: ndikadzathana nayo, idzakhala ya ndalama zingati?

Funso loyambali silikufunsa kuti Hiace imatha zaka zingati isanafe. Tonse timaziona zimene zakhala pamsewu zaka zoposa 15, chitseko chomanga ndi chingwe, zikuyendabe. Likufunsa za galimoto iyi, m'manja mwa mwini uyu, panjira imene waisankha. Minibasi imene imangoyenda pakati pa Blantyre ndi Limbe mumsewu wa Masauko Chipembere, kudutsa pa Ginnery Corner ndi Chichiri, imayenda pa phula labwino, koma imaima n'kunyamuka kosalekeza, ndipo mabuleki ndi kilatchi zimavutika. Imene imakwera zitunda za Ndirande ndi Chilomoni itadzaza, kapena kulowa m'misewu ya maenje nthawi ya dzinja, imamaliza mashoko, masipuling'i ndi thupi lenilenilo. Komanso galimoto yochokera ku Japan imabwera itadya kale gawo la moyo wake kumeneko. Zaka zimene tikuwerenga ndi zotsalazo. Mwini wathuyu wayang'ana magalimoto a anzake a njira yomweyo n'kuona kuti pakatha zaka 5 galimoto imayamba kugona kugalaja masiku ambiri kuposa amene ili pamsewu. Wasankha zaka 5.

Pa funso lachiwiri, wafunsa kuti Hiace yotopa chotero, imene yagwira zaka 5 mutauni, ikugulidwa zingati lero ndi anthu amene amaitengera kunjira za kumudzi kapena kukaiphwasula kuti agulitse zipangizo. Wapeza kuti ndi K4 miliyoni. Ndiye kuti pa K24 miliyoni ija, K4 miliyoni idzabwerera tsiku logulitsa. Yotsalayo, K20 miliyoni, ndi imene idzathere mumsewu, ndipo imeneyo ndiyo yofunika kuigawa m'zaka 5.

Njira yosavuta ndi kugawa mofanana: K20 miliyoni kugawa kwa zaka 5, chaka chilichonse K4 miliyoni. M'buku galimoto iyamba ndi K24 miliyoni, kutha kwa chaka choyamba ikhala K20 miliyoni, kenako K16 miliyoni, K12 miliyoni, K8 miliyoni, mpaka K4 miliyoni kutha kwa chaka chachisanu. Wowerengera ndalama amalemba K4 miliyoni imeneyi malo awiri. Amailemba pa zowonongeka za chaka, pamodzi ndi malipiro ndi matayala, ndipo imachepetsa phindu. Amailembanso patsamba limene amaunjikapo dipulisiyeshoni ya zaka zonse, ndipo mulu umenewo amauchotsa pa mtengo wogulira kuti apeze mtengo wotsala m'buku. Mtengo wogulira wa K24 miliyoni sufufutidwa, umakhalabe pamwamba kuti aliyense aone pamene tinayambira.

Kuti K4 miliyoni imveke bwino, tiibweretse pa tsiku limodzi. Ngati galimoto ikugwira masiku 300 pachaka, kuchotsapo Lamulungu lina ndi lina ndi masiku a kugalaja, ndiye kuti tsiku lililonse K13,333 ya mpamba ikutha. Tinene kuti dalaivala ndi kondakitala, atathira mafuta, amabweretsa tageti ya K60,000. Pachaka ndi K18 miliyoni. Malipiro awo atenga K3.6 miliyoni. Sevisi, oyilo, matayala, mabuleki ndi amakaniko atenga K4.5 miliyoni. Inshulansi, COF, ziphaso ndi zindapusa za pamsewu zatenga K1.9 miliyoni. Zonse pamodzi K10 miliyoni. M'manja mwa mwini mwatsala K8 miliyoni, ndalama zenizeni zoti angaziwerenge patebulo.

Apa ndi pamene pamagwera anthu. K8 miliyoni ili m'manja, palibe amene akubwera kudzaitanitsa, ndiye imaoneka ngati yonse ndi phindu. Imapita ku fizi ya ana, ku malata a nyumba ya ku Machinjiri, ku maliro ndi maukwati akumudzi, ndipo zonsezi ndi zofunikadi. Koma phindu lenileni la chakacho ndi K4 miliyoni yokha. Theka linalo ndi galimoto imene yasanduka ndalama. Amene wadya K8 miliyoni yonse kwa zaka 5 wadya minibasi yake osadziwa, ndipo tsiku limene injini idzagogode komaliza adzapezeka ali ndi K4 miliyoni ya chigoba basi. Anthu adzati bizinesi ya minibasi ndi yatsoka, kapena adzaloza dalaivala chala. Nthawi zina dalaivala amakhaladi ndi mlandu, koma kawirikawiri vuto linali m'kawerengedwe ka mwini.

Vutoli si la eni minibasi okha, ndipo silinayambe lero. M'zaka za m'ma 1840 ku Britain, makampani ena a sitima zapamtunda ankagawira eni masheya ndalama zambiri zimene ankazitcha phindu, chonsecho mbali ina inkachokera mumpamba. George Hudson, amene ankalamulira njanji zambiri nthawi imeneyo, anagwa mu 1849 zitaululika kuti ankachita zimenezi. Njanji ndi mainjini zinkatha pang'onopang'ono moti kwa zaka zingapo palibe ankaona, monga mmene mwini Hiace saonera kutha kwa galimoto yake Lachiwiri lililonse.

Kugawa mofanana kuli ndi chofooka chimodzi chimene aliyense woyendetsa minibasi angachione msanga. Galimoto siigwira ntchito mofanana zaka zonse. Chaka choyamba imadzuka m'mawa uliwonse, imakopa okwera pasiteji, siipita kugalaja kupatula kukasintha oyilo. Chaka chachinayi imadya ndalama za zipangizo ngati moto. Tikaika dipulisiyeshoni yofanana pamwamba pa ndalama zokonzetsera zimene zikukwera chaka ndi chaka, zaka zoyamba zimaoneka zonona kwambiri, zomaliza n'kuoneka zowawa kuposa mmene zilili.

Chifukwa cha ichi ena amasankha njira yochotsa gawo lofanana pa mtengo wotsala, osati pa mtengo wogulira. Titenge 30 peresenti. Chaka choyamba tichotsa 30 peresenti ya K24 miliyoni, imene ndi K7.2 miliyoni, kutsala K16.8 miliyoni. Chaka chachiwiri tichotsa 30 peresenti ya K16.8 miliyoni, imene ndi K5.04 miliyoni, kutsala K11.76 miliyoni. Zikamapita choncho, chochotsacho chimanka chichepa, ndipo kutha kwa chaka chachisanu m'buku mumatsala ndalama zongopitirira pang'ono K4 miliyoni. Tafika pamalo omwe aja, ndipo zimene zachotsedwa zonse pamodzi ndi pafupifupi K20 miliyoni yomwe ija. Chasintha ndi chakuti zaka zoyamba, pamene galimoto ili ndi mphamvu zopezera ndalama, ndizo zasenza katundu wolemera. Kwa minibasi ya mutauni, ine ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo imanena zoona kwambiri, ndiponso imamuletsa mwini kunyada ndi phindu la chaka choyamba.

Ilipo njira yachitatu, yowerengera makilomita. Ngati tikuyembekeza kuti galimoto iyenda makilomita 250,000 m'manja mwathu, K20 miliyoni ija ikutanthauza K80 pa kilomita iliyonse. Chaka chimene yayenda makilomita 60,000 tichotsa K4.8 miliyoni, chimene yayenda 35,000 chifukwa chogona pamizere ya mafuta tichotsa K2.8 miliyoni. Papepala ndi yokongola, koma imadalira mita ya makilomita yogwira bwino ntchito, ndipo m'maminibasi ambiri a mu Blantyre mita imeneyo inaima kalekale. Komanso dalaivala akapereka galimoto kwa mnzake waganyu masana, mwini sadziwa kumene yafika.

Njira iliyonse imene munthu wasankha, aigwiritse chaka ndi chaka. Kusinthasintha pofuna kuti phindu lioneke lalikulu chaka chimene mukukapempha ngongole kubanki ndi kudzinamiza nokha. Chimene chimaloledwa, ndipo n'chofunika, ndi kukonza zoyerekezera zija zikaoneka kuti zinaphonya. Tinene kuti patha zaka 2, m'buku muli K16 miliyoni, ndipo makaniko wanena mosabisa kuti thupi layamba kung'ambika pansi, galimotoyi yatsala ndi zaka 2, osati 3. Sitibwerera m'mbuyo kukafufuta mabuku a zaka zapitazo. Titenga K16 miliyoni, tichotsa K4 miliyoni ya tsiku logulitsa, K12 miliyoni yotsalayo tiigawa kwa zaka 2. Kuyambira pamenepo ndi K6 miliyoni pachaka. Zikachitika chotere, ndi umboni woti zaka ziwiri zoyambazo phindu linkaoneka lalikulu kuposa mmene linalili.

Mwini galimoto wina amafunsa kuti, nanga ine ndimaisamala, sevisi siiphonya, matayala ndi atsopano, ikutsikiranji? Yankho ndi lakuti zaka 5 zija tinaziwerengera poganiza kale kuti sevisi izichitika. Oyilo ndi mabuleki atsopano sawonjezera moyo wa galimoto, amangoithandiza kuti ikafike pamene tinayembekeza. N'chifukwa chake ndalama zimenezo zimalembedwa ngati zowonongeka za chaka chomwecho. Koma kugula injini ina yathunthu kapena giyabokosi ndi nkhani ina, chifukwa chimenecho chidzagwira ntchito zaka zingapo. Mtengo wake umawonjezedwa pa galimoto m'buku, gawo la injini yakale limene linatsala m'buku limachotsedwa, ndipo zaka zotsala zimaunikidwanso. Wina akalemba injini ya K3 miliyoni ngati chowonongeka cha mwezi umodzi, mwezi umenewo udzaoneka ngati waluza pamene sunaluze.

Galimoto ikangokhala osayenda, dipulisiyeshoni siiima, pokhapokha ngati mukuwerengera makilomita. Matayala amauma, batire imafa, dzimbiri limalowa, ndipo chaka chimene inapangidwa chimanka chitalikira. Ngozi yadzidzidzi nayo ili ndi kalembedwe kake. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche m'mwezi wa Malichi 2023, katundu wambiri ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo anawonongeka usiku umodzi. Galimoto imene yakumana ndi zotere, kapena imene yagubuduzika pamsewu, siidikira kuti zaka 5 zikwane. Mtengo wake m'buku umatsitsidwa nthawi yomweyo kufika pa zimene ingabweze, ndipo kutayako kumalembedwa chaka chomwecho.

Si katundu yense amene amatsika chotere. Puloti imene mwiniyo amaimikapo galimoto usiku siiwerengeredwa dipulisiyeshoni, chifukwa malo satha ndi kugwiritsidwa ntchito. Ndiponso Hiace imene ili pabwalo la wogulitsa magalimoto ikudikira kasitomala siiwerengeredwa, chifukwa kwa iyeyo ndi malonda. Imayamba kutsika m'buku tsiku limene yafika kwa munthu woti aigwiritse ntchito ndipo yakonzeka kulowa pasiteji.

Amene anagula ndi ngongole asamale pa chinthu chimodzi. Ndalama zimene akubweza kubanki mwezi ndi mwezi zili ndi mbali ziwiri. Chiwongoladzanja ndi chowonongeka, chimachepetsa phindu. Koma kubweza ngongole yeniyeniyo si chowonongeka, ndi kulipira mtengo wa galimoto mochedwa, ndipo mtengo umenewo ukulowa kale m'buku kudzera mu dipulisiyeshoni. Kuchotsa kubwezako pamodzi ndi dipulisiyeshoni ndi kuwerengera galimoto imodzi kawiri. Vuto limene limakhalapo ndi la nthawi. Banki ikafuna ndalama zake m'zaka 2 pamene buku likugawa mtengo m'zaka 5, munthu akhoza kukhala ndi phindu m'buku koma m'thumba mulibe kanthu, ndipo zikatero buku silinalakwe.

Za msonkho ndinene mwachidule. Kampani imene imapereka mabuku ake ku MRA siiloledwa kuchotsa dipulisiyeshoni imene yadziwerengera yokha, chifukwa aliyense akanasankha zaka zochepa kuti phindu lichepe. Powerengera msonkho, dipulisiyeshoni ya m'buku imabwezedwa pa phindu, ndipo m'malo mwake amachotsa gawo limene lamulo la msonkho linakhazikitsa pa mtundu uliwonse wa katundu. Motero galimoto imodzi imakhala ndi mitengo itatu nthawi imodzi: wa m'buku la kampani, wa m'kawerengedwe ka msonkho, ndi wa pamsika.

Mtengo wachitatuwu ndi umene unautsa mkangano, ndipo pano mwini galimoto ali ndi mfundo imene wowerengera ndalama sayenera kuinyoza. M'mayiko amene ndalama yawo ndi yokhazikika, galimoto yakale imatsika pamsika monga ikutsikira m'buku, ndipo mitengo iwiriyi imayendera limodzi. Kwathu kuno sizili choncho. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Galimoto ya madola 8,000, imene dzulo lake inali K9.44 miliyoni, inadzuka ili K13.6 miliyoni isanasunthe n'komwe padoko. Msonkho wolowetsera nawo umakwera, poti umawerengeredwa pa mtengo wa m'makwacha. Onjezanipo kusowa kwa madola m'mabanki, kumene kumachititsa oitanitsa magalimoto kuwagula modula kwina. Yobwera kumene ikakwera chotero, yakale imene ili kale mumsewu imakwera nayo, chifukwa wogula amayerekeza ziwirizo.

Tibwerere ku Hiace yathu. Patha zaka 3, m'buku muli K12 miliyoni, ndipo wina wabwera ndi K21 miliyoni. Mwini akagulitsa, buku lidzalemba phindu la K9 miliyoni pa kugulitsako. Masamuwo ndi olondola. Koma funsani kuti Hiace ina yonga imene anagula poyamba paja ikufika pa zingati lero mu Blantyre, zonse zitalipiridwa. Tinene kuti ndi K40 miliyoni. Ngakhale mwiniyo atakhala munthu wodziletsa, amene anasunga K4 miliyoni chaka chilichonse osakhudza, ali ndi K12 miliyoni yosunga ndi K21 miliyoni yogulitsa, zonse K33 miliyoni. Ikuperewera K7 miliyoni kuti abwerere pamene anali zaka 3 zapitazo. Galimoto yake sinakwere. Poyamba inali yofanana ndi Hiace imodzi yongofika kumene, lero ndi yongopitirira pang'ono theka la Hiace yotero. Chimene chabisa kutsika kwa galimotoyo ndi kwacha imene tikuyezera, poti nayo yatsika.

Apa ndiye pali malire a dipulisiyeshoni, ndipo ndi bwino kuwanena poyera. Imagawa ndalama zimene munalipira kale, m'makwacha a tsiku limene munalipira. Siilonjeza kuti mudzagula galimoto ina. Ndiponso siisunga ndalama paliponse: ndi mzere wa m'buku chabe, ndipo ngati mwini satenga ndalama zenizeni n'kuziika padera, palibe thumba limene likudzaza lokha. Ntchito yake ndi kumuuza kuti pa K8 miliyoni ija, K4 miliyoni si yodya.

Malamulo a owerengera ndalama anasiyako mpata pa nkhani ya kukwera kwa mitengoyi. IAS 16 imafuna kuti zaka zotsala ndi mtengo wa tsiku logulitsa ziziunikidwa chaka chilichonse. Ngati Hiace yotopa ya zaka 5 tsopano ikugulidwa K9 miliyoni m'malo mwa K4 miliyoni, nambala imeneyo imasinthidwa, ndipo dipulisiyeshoni ya zaka zotsala imachepa. Mtengo umenewo ukafika pofanana ndi umene watsala m'buku, dipulisiyeshoni imaima kaye. Lamulo lomwelo limalolanso kampani kuitana katswiri woyeza mitengo kuti akweze mtengo wa magalimoto ake onse m'buku kufika pa wa pamsika, ndipo zikatero dipulisiyeshoni ya zaka zotsatira imakwera. Koma onani kumene mpata woyambawo ukutifikitsa. Mitengo ikamakwera, dipulisiyeshoni imachepa, phindu la m'buku limakula, pa nthawi yomwe mwini galimoto akufunika kusunga zambiri kuposa kale. Wowerengera ndalama amene wangopereka pepala losonyeza phindu lokulalo osamufotokozera kasitomala wake zimenezi, sanamalize ntchito yake.

Chimene ndimalangiza mwini minibasi imodzi kapena ziwiri ndi kukhala ndi mawerengero awiri, ndipo onse amakwana m'kope la sukulu. Koyamba ndi dipulisiyeshoni monga taiwerengera, yoti adziwe ngati njira imene akuyenda ikupindula, ndiponso yoti aonetse kubanki kapena kwa mnzake amene anasonkherana naye mpamba. Kwachiwiri ndi kwa galimoto yolowa m'malo, ndipo kumeneku sayambira pa mtengo umene anagulira. Kamodzi pachaka afunse mtengo wa lero wa galimoto yonga yake yongofika kumene, achotsepo zimene yakeyo ingadzagulidwe ikadzatopa, achotsenso zimene wasunga kale, chotsalacho agawe kwa masiku a ntchito amene atsala. Mwa chitsanzo chathu, patatha zaka 3: K40 miliyoni kuchotsa K9 miliyoni ya chigoba, kuchotsa K12 miliyoni yosunga, kutsala K19 miliyoni. Masiku a ntchito otsala m'zaka 2 ndi 600. Ndiye kuti tsiku lililonse pakufunika pafupifupi K31,700, kuposa kawiri K13,333 imene anayamba nayo.

Nambala imeneyi ndi yowawa, koma ili ndi ntchito. Ikaikidwa pambali pa tageti, imaonetsa msanga ngati bizinesi ikudzilipira. Pa tageti ya K60,000, zowonongeka zija za K10 miliyoni pachaka zikutenga K33,333 patsiku, kutsala K26,667. Ngati galimoto yolowa m'malo ikufuna K31,700, ndiye kuti pa tageti yakaleyo mwini alibe chodya ngakhale tambala, ndipo akupereweranso. Mitengo yokwerera ikakwera pambuyo pa kukwera kwa mafuta, eni minibasi ambiri amangoyang'ana ngati dalaivala akwanitse kuthira dizilo, tageti n'kuisiya pomwe inali kwa miyezi yambiri. Ndipo kukweza sikophweka, chifukwa wokwera wa ku Zingwangwa kapena ku Chirimba malipiro ake sanakwere, ndipo akabaza a njinga zamoto akudikira pasiteji pomwepo. Koma mwini amene ali ndi nambalayi m'kope amakambirana ndi dalaivala wake akudziwa pamene pali malire, ndipo akhoza kuona nthawi idakalipo kuti ndi bwino kusintha njira, kugulitsa galimoto idakali ndi mtengo, kapena kuvomereza kuti yolowa m'malo idzafuna ngongole n'kuyamba kukonzekera.

Kosungira ndalamazo nako kumafuna kuganiza, chifukwa makwacha ogona muakaunti wamba amasungunuka ndi kukwera kwa mitengo monga momwe taonera. Ena amaziika kuakaunti ya nthawi yoikika kapena ku SACCO kuti zibereke chiwongoladzanja, ngakhale kuti nthawi zambiri chiwongoladzanjacho sichithamanga mofanana ndi mitengo ya magalimoto. Ena amagula injini kapena giyabokosi yosungira mitengo isanakwerenso, zimene zimathandiza pokhapokha ngati adzakhalebe ndi galimoto ya mtundu womwewo. Enanso, ndalama zikangofika theka, amaitanitsa galimoto yachiwiri yoyamba idakayenda, kuti ziwirizo zisadzatope chaka chimodzi. Amene wachita zimenezi atsegule tsamba lina m'kope, chifukwa galimoto yachiwiriyo ili ndi mtengo wake, zaka zake ndi njira yake, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa patsamba limodzi, yatsopano imabisa kuluza kwa yakale kwa chaka chathunthu mwini asanazindikire.